Matumba Makumi Asanu

Pa depoti ya kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira pankagwira ntchito amuna awiri obadwa bere limodzi, koma ukawaona ungalumbire kuti wina anangotoledwa. Wamkulu anali woyang'anira anthu opakira katundu, ndipo aliyense ankawatchula kuti Akapitawo, ngakhale akazi awo omwe. Wamng'ono anali dalaivala wa lole. Dzina lake lenileni linatsalira pa laisensi, chifukwa pabwalo ponse ankamudziwa kuti Liwiro. Ankadya chiimire, ankamanga zingwe za nsapato injini ikulira kale, ndipo moni wake unkatha munthu asanayankhe. Anali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi zitatu, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu, koma phuma linali lisanamukalambire.

Akapitawo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Ndi amenenso anamupezera ntchito pa depotipo, ndipo tsiku loyamba anamugwira pamkono n'kumuonetsa kachitsulo kokhomeredwa m'mbali mwa chitseko cha lole, kolembedwa manambala.

“Werenga apa,” anatero. “Makilogalamu 16,000. Kumeneko ndi kulemera konse kumene lole iyi ikuloledwa kufika, galimoto, mafuta, katundu, ndi iwe wemwe ndi mimba yakoyo. Ili yopanda kanthu, mafuta ali odzaza, imalemera 6,000. Chotsa pamenepo, patsala 10,000. Ndiwo mtolo umene ingasenze. Wamva?”

“Ndamva, akulu.”

“Sunamve, chifukwa sindinamalize. M'munsimu muli manambala ena awiri. Ekiselo ya kutsogolo, 6,000. Ya kumbuyo, 10,000. Ekiselo ndi mtanda uja wolumikiza matayala a uku ndi uku, ndipo iliyonse ili ndi malire ake. Ukhoza kukhala ndi katundu wochepa, koma ukamuunjika mbali imodzi, ekiselo imodzi ikusenzera inzake. Msewu umathyoka pansi pa matayala amenewo, ndipo sikelo ya pamsewu ikakugwirira pomwepo.”

Mawu amenewa Liwiro anawamva zaka makumi awiri, mpaka ankatha kuwanena ali m'tulo. Koma ankangowamva ngati nyimbo ya pa wailesi, chifukwa sanafunikirepo kuwagwiritsa ntchito. Lole yake ankapakiritsa ndi Akapitawo. Iwo ankayenda mozungulira galimotoyo, pensulo ili kukhutu, n'kumaloza pomwe thumba lililonse likhale. Liwiro ankangokwera n'kuliza injini, ndipo zaka zonsezo sikelo sinamubwezepo.

Koma kenako abale awiriwa anayambana. Akapitawo anali atayamba kale kutsokomola ndi kuwonda, ndipo tsiku lina analamula kuti malata amene anali atapakiridwa kale atsitsidwe, akonzedwenso. Liwiro anali atachedwa. Anatsika pa lole n'kulankhula mokweza, anyamata onse opakira akumva.

“Akulu, mwakalamba. Ntchito yakukanikani, mukungozunza anthu ndi kapensulo kanuko. Kapumeni kunyumba.”

Akapitawo anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyika m'thumba la malaya, n'kupita kukakhala pamthunzi. Patangopita masiku anayi anagwa m'bafa, ndipo anawatumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda, ulendo wa maola asanu. Liwiro sanapite kukawaona. Chikondi chinalipo, koma manyazi anamumanga miyendo. Tsiku lililonse ankadziuza kuti apita Loweruka, akakhale pambali pa bedi n'kunena kuti akulu, ndinalakwa. Ma Loweruka awiri anadutsa.

M'mawa wina, patatha milungu itatu kuchokera pamene anayambana, akungolowa pageti ya depoti, foni yake inalira. Anali alamu ake, akazi a Akapitawo.

“Alamu, muli kuti?”

“Ndili ku ntchito. Kwagwanji?”

“Adokotala adutsa kumene. Akuti tiitane abale. Akulu anu akufunsa inu. Usiku wonse akhala akungofunsa inu. Bwerani lero, mawa sindikudziwa.”

Mwamwayi lole yake inali yoti ipite kumzinda womwewo tsiku lomwelo, ndi matumba 170 a simenti komanso mathanki atatu a madzi, aja apulasitiki akuluakulu. Abwana anamuuza kuti akafika akayambe ku chipatala, katundu akatsitse mawa. Liwiro anathamangira pomwe panali lole, n'kupeza kuti anyamata anali atakweza kale mathankiwo dzulo lake. Anawaika kutsogolo kwa bodi, kuseri kwa mutu wa lole, n'kuwamanga zolimba. Mathanki opanda madzi ndi mphepo chabe, onse atatu sankapyola makilogalamu 300, koma anadya malo onse a kutsogolo.

Mmodzi mwa opakira, bambo wachikulire wa dzino limodzi lakutsogolo, anakanda m'mutu.

“Adalaivala, titsitse kaye mathankiwa. Akapitawo akanakhalapo, simenti ikanayambira kutsogolo, mathanki kumchira. Ndi theka la ola basi.”

“Theka la ola ndilibe,” anatero Liwiro. “Matumba 170 ndi matani asanu ndi atatu ndi theka. Mathanki, lona, zingwe ndi ine, tingoti theka la tani. Zonse matani asanu ndi anayi. Lole iyi imasenza khumi. Tani yathunthu ikutsala. Pakirani!”

Masamu ake anali olondola, ndipo n'chifukwa chake panalibe womutsutsa. Simenti yonse inaunjikidwa kuyambira pakati mpaka kumchira, anafunditsa lona, ndipo nthawi ya 8 koloko lole inatuluka pageti.

Pamsewu anamva kuti chiwongolero chapepuka, ndipo pamabampu mchira unkagunda pansi pa masipuling'i. Thupi lake linadziwa zimene mutu unkakana. Koma maganizo ake anali ku chipatala. Ankayeseza mawu oti akanene. Ankayamba ndi “akulu, tsiku lija,” n'kuona kuti akutalikitsa, n'kuyambiranso. Pomaliza anagwirizana ndi mawu atatu okha: akulu, ndinalakwa, mundikhululukire.

Anafika pa sikelo ya magalimoto 11 koloko itangokwana, kutatsala maola awiri kuti alowe mumzinda. Malowo anali bwalo lalikulu la fumbi, kanyumba ka mawindo aakulu, ndi chitsulo chachitali chokwiriridwa mumsewu. Patsogolo pake panali malole asanu ndi awiri. Nthawi yake itakwana, mlonda wa jekete yowala anamukodola. Matayala a kutsogolo anakwera pachitsulo, anaima. Anamukodolanso, a kumbuyo anakwera, anaima. Kenako m'malo mwa dzanja loloza kumsewu, mlondayo analoza kubwalo la m'mbali.

Liwiro anatsika n'kuthamangira pawindo. M'katimo munali mayi wa magalasi, wa msinkhu ngati wake, kapu ya tiyi itazizira pambali pa kompyuta.

“Mayi, pali kulakwitsa. Ndanyamula matani asanu ndi anayi okha.”

“Palibe akukutsutsani, bambo.” Mayiyo anatembenuza kapepala kuti aone. “Kulemera konse, 15,000. Muli pansi pa malire ndi tani yathunthu. Kutsogolo, 3,400. Kumbuyo, 11,600. Ekiselo yanu ya kumbuyo imathera pa 10,000. Mwapyola ndi 1,600.”

“Koma zonse pamodzi zili bwino!”

“Zonse pamodzi siziponda msewu malo amodzi, bambo. Matayala a kumbuyowo ndi amene akuponda ndi 11,600.”

Anali mawu a akulu ake enieni, atangovala magalasi. Liwiro anagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri.

“Mayi, mkulu wanga akumwalira ku chipatala. Ndi amene anandilera. Ndikupemphani, ndidutse. Pobwerera mudzandichite chilichonse.”

Mayiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana. Sanali munthu woipa, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wamva chisoni.

“Pepani kwambiri. Koma nambala ikangolowa m'makinamu yapita kale ku likulu, ndipo geti siitseguka mpaka galimoto itayezedwanso n'kukwana. Ine ndilibe kiyi wa zimenezo. Chimene ndingakuuzeni ndi ichi: poti kulemera konse kuli bwino, simukufunika kutsitsa kanthu. Sunthani katundu apite kutsogolo, mudzafolenso. Za chindapusa tidzalemba kampani yanu, zisakuchedwetseni.”

Anabwerera ku lole n'kuimba foni kwa alamu ake. Anawauza zonse mwachidule. Kumbali inayo kunkamveka makina akulira mwa apo ndi apo.

“Ali maso,” anatero alamu. “Awaveka chopumira kukamwa, kulankhula kukuvuta, koma akumva. Dikirani, akundikoka dzanja. Akuti mwanyamula chiyani?”

“Simenti 170 ndi mathanki atatu.”

“Akuti mathanki ali kuti?”

Liwiro anatseka maso. “Kutsogolo.”

Anamva kaphokoso kenakake, ngati chifuwa, ngati kuseka.

“Akuseka,” anatero alamu, nawonso akuseka ndi misozi. “Milungu itatu sanasekepo. Akuti manambala a pasikelo ndi ati?”

Anawatchula.

“Apempha pensulo yawo,” anatero alamu. “Akulemba pa kabokosi ka mankhwala. Dzanja likunjenjemera, dikirani. Eya. Akuti mathanki apite kumchira. Matumba makumi asanu achoke kumchira apite kutsogolo kwenikweni. Akuti makumi asanu, alamu. Abwereza kawiri.”

“Ndamva. Auzeni kuti ndikubwera.”

“Muwalankhule nokha, ndiika foni kukhutu kwawo.”

Anamva mpweya wa akulu ake, wolemera, wokoka. Mawu atatu aja anali pa lilime. Koma anaona kuti mawu otere si onenera pa foni, pabwalo la fumbi, injini zikulira uku ndi uku. Anafuna akawanene atagwira dzanja lawo.

“Akulu, ndikubwera. Mundidikire,” anatero, n'kudula.

Matumba makumi asanu a simenti, munthu mmodzi, dzuwa lili paliwombo. Liwiro anayang'ana mulu uja n'kuganiza zongoisiya lole pomwepo. Anathamanga m'mbali mwa mzere wa malole kufunsa wopita kumzinda. Ambiri ankakhotera pamphambano ya patsogolo kulowera njira ina. Mmodzi yekha ankapita kumzinda, koma inali thanki ya mafuta, ndipo dalaivala wake anapukusa mutu, nati lamulo silimulola kukweza munthu.

Kenako anaona minibasi yoyera itaima pafupi ndi geti, anthu ali m'kati. Anaithamangira.

“Achimwene, malo amodzi! Ndikhala paliponse, ngakhale pa injini.”

Dalaivala wa minibasiyo, mnyamata wamtali wa chipewa chofiira, anaseka mowawidwa.

“Bambo, mukupempha moto kwa munthu amene nyumba yake ikupsa. Apolisi atiimitsa, mchira unali pansi, ndiye atikweza pa sikelo yomweyi. Galimoto iyi imathera pa 3,200. Yopanda kanthu ndi 2,000. Ndiye anthu ndi katundu tisapyole 1,200. Tilimo khumi ndi asanu, ine ndi kondakitala tili momwemo. Pamenepo patsala kamalo ka zikwama basi. Koma nzeru za kondakitala wangayu, walowetsa matumba asanu ndi limodzi a feteleza kuseri kwa mpando wa kumbuyo ndi pansi pake, n'kuwonjezanso anthu awiri.”

“Anali ochepa thupi,” anatero kondakitala, akuyang'ana pansi.

“Ochepa thupi! Sikelo yati 3,600. Tikudikira galimoto ina idzatenge fetelezayu ndi anthu awiriwo. Ndipo ngakhale titanyamuka, inu ndikuikani pati? Wapolisi uyo akutiwerenga ngati nkhuku.”

Minibasi zina ziwiri zinadutsa zodzaza, osaima n'komwe. Liwiro anabwerera ku lole, n'kuvula malaya.

Dalaivala wina amene ankadikira matayala anamuthandiza kutsitsa mathanki, kenako anabwerera ku zake. Liwiro anayamba kunyamula. Thumba la simenti ndi makilogalamu makumi asanu, ndipo silikhala ndi pogwira. Ankalikumbatira pamimba, n'kuyenda nalo pamwamba pa matumba ena mpaka kutsogolo, n'kuliponya pansi, fumbi n'kumubwerera kumaso. Zaka makumi awiri za pa chiwongolero zinali zitamufewetsa manja. Pa thumba la khumi zikhatho zinatuluka matuza. Pa la khumi ndi chisanu msana unayamba kuyaka. Pa la makumi awiri anakhala pansi, akupuma ngati galu, n'kuyang'ana wotchi. Inali itadutsa 1 koloko.

Apa ndi pamene mutu wake unamunyenganso. Anawerenga kuti matumba makumi awiri ndi tani yathunthu. Anayang'ana mchira wa lole n'kuona kuti wakwerako. Anadziuza kuti akulu ake amakonda kuwonjezera, moyo wawo wonse akhala akuika malire pamwamba pa malire, ndipo mwina pasikelo amakhululuka pang'ono. Matumba ena makumi atatu akanamudyera mphindi makumi anayi kapena kuposa, ndipo pageti panali pakubwera malole ena oti amupitirire pamzere. Anaiwala kuti anapyola ndi 1,600, osati tani imodzi, komanso kuti thumba likachoka kumchira kupita kutsogolo kwa bodi, kulemera kwake sikuchoka konse pa ekiselo ya kumbuyo, kwina kumatsalira. Anaiwalanso kuti mathanki aja, kupepuka konse kuja, tsopano akakhala kumchira n'kuwonjezera pomwe pali vuto.

Anapempha mlonda kuti amuthandize kukweza mathanki pamwamba pa matumba a kumbuyo, anamanga, anafunditsa lona, n'kukafola. Mzere unkayenda ngati maliro. Itatsala pang'ono 2 koloko matayala ake anakwera pachitsulo, ndipo mlonda uja, osamuyang'ana kumaso, analozanso kubwalo la m'mbali.

“10,970,” anatero mayi wa pawindo, mwakachetechete. “Mwasuntha angati?”

“Makumi awiri.”

“Sakukwana, bambo. Pakufunika ena osachepera makumi awiri ndi awiri, ndipo kuti musabwerenso kachitatu, pangani makumi atatu.”

Makumi awiri kuwonjezera makumi atatu. Liwiro anayenda mpaka pa lole, n'kukhala pansi m'fumbi, msana atatsamira tayala la kumbuyo lomwelo. Munthu wamkulu, wa imvi, analira mokweza pakati pa bwalo, manja oyera ndi simenti ataphimba nkhope. Sankalirira msana kapena matuza. Ankalira chifukwa munthu amene anatsala ndi mpweya wowerengeka anautaya pomuwerengera matumba, ndipo iye anamvanso ngati nyimbo ya pa wailesi.

Amene anamuona anali dalaivala wa minibasi uja, yemwe anali akadali pageti. Anabwera, n'kugwada pambali pake, n'kumva nkhani yonse. Kenako anaimirira n'kukuwira anthu ake amene anali atakhala pamthunzi wa mpanda.

“Abambo, m'malo mongonditukwana pamenepo, bwerani mudzagwire ntchito ya Mulungu! Iwe kondakitala, poti umakonda matumba, nawa matumba.”

Anabwera amuna asanu. Mmodzi anali mphunzitsi wovala tayi, amene anaivula n'kuipinda bwinobwino m'thumba. Mayi wina wonenepa anakwera nawo kudzagwira zingwe, akulalatira aliyense. Anamasula lona, anatsitsanso mathanki, n'kuima mondondozana pa bodi, thumba likuchoka m'manja kupita m'manja. Mayi wonenepa uja ndi amene ankawerenga mokweza. Atafika pa makumi awiri ndi asanu, kondakitala anati, “Basi, akwana amenewa.”

“Makumi atatu,” anatero Liwiro. “Akulu anga anati makumi asanu onse pamodzi.”

Ntchito yonyamulayo sinatenge nthawi. Zimene zinadya nthawi ndi mathanki, zingwe, lona, ndi mzere, umene tsopano unali utafika kunja kwa geti. Mayi wa pawindo anatuluka yekha kukapempha madalaivala kuti amulowetse patsogolo. Anayi analola. Awiri anakana, nati aliyense ali ndi kwawo kofulumirira. Nthawi ya 4 koloko matayala a kumbuyo anakwera pachitsulo kachitatu, ndipo mlonda analoza kumsewu. Mayiyo anamupatsira kapepala pawindo la lole.

“Kutsogolo 5,380. Kumbuyo 9,620. Mwakwana. Pitani, Mulungu akutsogolereni.”

Lole inayenda bwino kuposa m'mawa. Chiwongolero chinagwira msewu, mchira unasiya kugunda. Inkayenda ngati mmene inkayendera masiku onse amene akulu ake ankaipakiritsa, ndipo zimenezi zinamupweteka kwambiri. Ali m'njira anaimba foni kawiri. Koyamba alamu anati akugona, koma akupuma. Kachiwiri, cha m'ma 5 koloko itapitirira, foni inangolira osayankhidwa. Anaiponya pampando n'kudziuza kuti mwina alamu apita kukatunga madzi.

Anaimika lole kunja kwa mpanda wa chipatala 6 koloko itangokwana. Anathamanga m'makonde, simenti ili m'tsitsi ndi m'nsidze, anthu akumupatukira. Wodi ya amuna inali ndi mabedi khumi ndi awiri. Pa bedi lachinayi kuchokera pakhomo panalibe munthu. Matiresi a pulasitiki anali atapukutidwa kumene, akadali onyowa, ndipo namwino ankakulunga chingwe cha makina aja.

Alamu ake anali pabenchi ya pakhonde, chikwama cha zovala chili pamiyendo, beseni ndi fulasiki zili pansi. Atamuona sanakuwe. Anangosuntha pang'ono kumupatsa malo.

“Nthawi yanji?” anafunsa Liwiro.

“Kota pasiti faifi.”

Anawerenga osafuna. Akanasuntha makumi asanu poyamba paja, akanadutsa pasikelo isanakwane 3 koloko, ndipo 5 koloko ikanamupeza pambali pa bedi. Akanalola theka la ola lija ku depoti, akanafika dzuwa likadali pamutu, n'kukhala nawo masana onse.

“Anadikira, alamu,” anatero mayiwo. “Anayesetsa. Aliyense akalowa pakhomo ankatembenuza mutu. Cha m'ma 3 koloko anandifunsa kuti mwadutsa? Ndinati simunadutse. Anatseka maso, n'kukweza zala ziwiri.”

“Zala ziwiri?”

“Anati wasuntha makumi awiri ameneyo. Ndimamudziwa.” Alamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. “Sananene mokwiya. Ankamwetulira.”

Liwiro anawerama mpaka chipumi chinagunda mawondo.

“Ndinawanyoza, alamu. Pamaso pa anyamata. Ndinabwera kuti ndidzapepese. Pa foni paja mawu anali pakamwa, ndinawasunga kuti ndidzanene pamaso.”

“Za tsiku limenelo sanandiuzepo kanthu. Ndinamva kwa ena.” Anatsegula chikwama n'kufufuza pakati pa zovala. “Chimene anandiuza ndi chakuti ndikupatseni izi.”

Inali pensulo ija, yaifupi ngati chala, yolumidwalumidwa kumapeto, ndi kabokosi ka mankhwala kophwasulidwa. Kuseri kwake kunali manambala opindikapindika, ena okwerana, mzere wina wotsetsereka mpaka m'mphepete pomwe dzanja linatopa. Panali 11,600. Panali 50, yozunguliridwa kawiri. Pansi penipeni panali yankho lawo, la mmene ekiselo ya kumbuyo idzalemerere matumbawo akasunthidwa: 9,600.

Liwiro anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa kapepala ka pasikelo, konyowa ndi thukuta. Anakatambasula pabondo, pambali pa kabokosiko. Kumbuyo, 9,620. Munthu ali chigonere, chopumira chili kukamwa, lole osaiona, anaphonya ndi makilogalamu makumi awiri okha, osakwana ndi theka la thumba.

“Ndinati ntchito yawakanika,” anatero.

Namwino anabwera n'kuima patali pang'ono, podikira kuti amuone. Kenako anafunsa mwaulemu ngati m'bale wa malemu wafika, chifukwa akufuna kutseka chipinda chimene anawagoneka, ndipo ngati akufuna kuwaona ndi nthawi yomweyi.

Liwiro anaimirira. Anapinda mapepala awiriwo pamodzi n'kuwaika m'thumba la malaya, pensulo n'kuiika momwemo. Namwino anatsogola, akuyenda mofulumira monga amayendera anthu a m'chipatala, ndipo atafika pokhota anacheuka n'kupeza kuti bamboyo watsalira kutali. Ankabwera pang'onopang'ono, dzanja lili pathumba la malaya, milomo ikuyeseza mawu atatu aja.